rsync ikumangoyambiranso usiku uliwonse, ndithandizeni akuluakulu

Wofunsa: Pepani ndilemba zambiri, mutu wazungulira. Ndinaika rsync pa cron kuti 1 koloko usiku izitumiza mafayilo a ku ofesi ku seva ina. Intaneti yathu ndi yoyenda pang'onopang'ono komanso imangodukaduka. M'mawa ndimapeza `connection unexpectedly closed` ndi `code 12`, tsiku lina imakhala ikadali mkati mpaka masana, anzanga n'kumandiyang'ana ngati ndine ndatseka intaneti. Abwana akuti ndimangosewera pa kompyuta, chonsecho amene anasiya ntchitoyi sanandisiyire ngakhale kapepala, ndipo pulinta ikafa amaitananso ine. Nditani kuti izipitiriza pomwe yadukira?

Mkulu wa Maseva: Ana a masiku ano! Mukopera lamulo osawerenga `man rsync`. Ikani `-P` ndi `--append`, nkhani yatha. Ine ndayendetsa maseva inu musanadziwe n'komwe kuti kiyibodi n'chiyani.

Nachisale: Achimwene, `--append` musaiyerekeze pa bakapu. Imaganiza kuti fayilo imangokula kumapeto, ndiye ikapeza ya kutsidya ili yofanana kukula kapena yaikulu kuposa yanu, imaidumpha ngakhale zamkati zitasintha. Nayo `-P` ndi `--partial` kuphatikiza `--progress`, ndipo intaneti ikaduka, chiduswa chimakhala m'malo mwa fayilo yabwino ya dzulo. Bola `--partial-dir`, imasunga chiduswacho pambali mpaka fayilo itakwanira. Koma tationetsani lamulo lanu, komanso mukutumiza mafayilo otani?

Mkulu wa Maseva: Mayi, ine `--append` sinandigwiritsepo fuwa la moto. Ngati mukuopa pali `--append-verify`.

Nachisale: Nayonso imadumpha fayilo imene siinatalike, akulu.

Kadzidzi: Ine zinandionekera chaka chatha. Disiki inalephera kulumikizika, foda n'kuoneka yopanda kanthu, `--delete` n'kusesa zonse kutsidya. Mpaka pano mtima umandipweteka. Chotsani `--delete` msanga!

Wofunsa: Ilibe `--delete` bambo. Ndi `rsync -az` basi. Abwana abweranso kudzafunsa, ndangoti zikutheka.

Mjomba Phee: Koperani pa fulashi mukapereke pamanja, mufika msanga kuposa rsync yanuyo 😂

Mkulu wa Maseva: Wonjezerani `-c`. Komanso intaneti yotereyo si ya ntchito, auzeni abwanawo asinthe. Ndanena ndanenanso, vuto la anthu ndi kuumira.

Nachisale: `-c` imangochititsa kuti mbali zonse ziwerenge fayilo iliyonse yathunthu pofuna kudziwa ngati yasintha. Pa vuto ili sipulumutsa kanthu. Zoti ikumafika masana zija, mwina intaneti ikafa rsync imangokhala duu kudikira, cron n'kudzayambitsa ina pamwamba pake. Yesani izi:

```
flock -n /tmp/bakapu.lock rsync -az \
  --partial-dir=.rsync-partial --timeout=120 \
  --bwlimit=200 /deta/ seva:/bakapu/
```

`--timeout=120` imaithetsa pakadutsa masekondi 120 popanda kuyenda kanthu, ndipo mudzaona `code 30`. `flock -n` imaletsa yachiwiri kuyamba yoyamba isanathe, choncho mutha kuiika pa cron ola lililonse usiku, ikaduka izidzapitiriza yokha. `--bwlimit=200` ndi makilobayiti pafupifupi 200 pa sekondi, kuti anzanu asamakudeni. Funso langa lija simunayankhe: mafayilo otani?

Wofunsa: Ndi imodzi yokha mayi. Sikiripiti imamanga zonse pamodzi, monga `deta-lolemba.tar.gz`, mawa lake dzina lina. Ndi magigabayiti atatu.

Nachisale: Nkhani yonse ili pamenepo! rsync imatumiza zosintha zokha ikapeza fayilo ya dzina lomwelo kutsidya yoti ifananize nayo. Dzina latsopano ndiye kuti yonse iyambire pa ziro. Pa liwiro la 200 lija, magigabayiti atatu ndi maola anayi ndi kanthu, usiku uliwonse, intaneti isanaduke n'kamodzi komwe. Ngakhale dzina likhale limodzi, gzip imasokoneza: mukasintha pang'ono koyambirira, zotsatira zake zonse zimaoneka zatsopano. Ndipo `-z` pa fayilo yopanikizidwa kale siichepetsanso. Siyani kumanga tar, lozani rsync pa foda yeniyeniyo. Ulendo woyamba udzatenga nthawi, kenako izidzangotumiza zimene zasintha tsikulo.

Mkulu wa Maseva: N'zimene ndimanena ine, kusawerenga. Koma tar asaisiye, angoika `gzip --rsyncable` ndi dzina limodzi.

Nachisale: Imeneyo imathandizadi, koma akatero atsala ndi bakapu imodzi yomangolembedwa pamwamba. Pa foda atha kusunga za masiku angapo ndi `--link-dest` osatumizanso zomwe sizinasinthe.

Kadzidzi: Bola musaike `--delete`.

Wofunsa: Zikomo nonse. Koma mufodamo mulinso databesi imene imakhala ikugwira ntchito usiku wonse, ndiye ndingoilozanso rsync yomweyo? Abwana akuti Lachisanu akufuna aone zatheka.

Mkulu wa Maseva: Databesi yamoyo?! Mwayamba liti ntchitoyi inu?