Ndithandizeni mutu ndi mfundo zolemba pa madengu a bango amene ndikugulitsa kunja

NaPhiri wa ku Salima: Abale anga a pagulu lino, ndabwera ndi nkhawa imene yandisowetsa tulo. Ine ndimagula madengu a bango kwa amayi anayi oluka a kwathu kufupi ndi nyanja, ndipo mng'ono wanga amene ali ku Mangalande ananditsegulira sitolo ya pa intaneti kuti tizigulitsa kwa anthu akunja. Papita miyezi itatu, koma lagulidwa dengu limodzi lokha, ndipo amene anagulayo anadandaula kuti linali laling'ono kusiyana ndi mmene ankaganizira. Mng'ono wangayo akuti vuto ndi mutu umene ndinalemba pamodzi ndi mfundo zofotokozera katunduyo, koma ndikamufunsa kuti akonze amangoti watopa ndi ntchito ya usiku, chonsecho foni yojambulira ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo alamu anga anatenga madengu 6 pa ngongole chaka chatha mpaka lero sanabweze kanthu. Amayi olukawo akundiyang'ana ngati ndawadyera ndalama. Mutu umene ndinalemba ndi uwu:

```
Beautiful Malawi Basket Nice Quality Best Price
```

Kodi ndilembe chiyani pa mutupo, nanga pa mfundo za timadontho zija ndiikepo zotani?

Bambo wa Ziboliboli: Mayi, ine ndagulitsa ziboliboli kwa azungu zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani mosapsatira kuti mutu wanuwo ndi wakufa. Mzungu sagula dengu, amagula nkhani. Lembani kuti madenguwa amaluka amayi amasiye osauka, ndipo muwonjezere mawu onse amene anthu amafufuza, monga boho, rustic, tribal ndi rattan, mpaka malo athe. Malo a mutu amakwana zilembo 140, ndiye musasiye ngakhale chilembo chimodzi osachigwiritsa ntchito.

Mayi wa ku Mangochi: A NaPhiri, musanasinthe kalikonse tiuzeni zinthu zitatu zimene simunatchule: mukugulitsira pa tsamba liti, dengulo ndi lalikulu bwanji, ndipo lalukidwa ndi chiyani kwenikweni. Ndikufunsa za chomaliza chifukwa madengu ambiri amene timaona m'mbali mwa msewu kuno ndi ku Salima ndi a mlaza kapena a nsungwi, pamene bango timalidziwa kwambiri pa mphasa. Bango, mlaza ndi nsungwi ndi zomera zitatu zosiyana, ndipo pa Chingerezi ndi reed, palm leaf ndi bamboo. Mawu akuti rattan amene abambo akukuuzaniwo ndi chomera china, choncho mukawalemba pa dengu la bango, wogula ali ndi ufulu wodandaula kuti katundu sakufanana ndi zimene zinalembedwa, ndipo ndalama mudzabweza pamene mtengo wotumizira wapita kale.

Bambo wa Ziboliboli: Mayi wa ku Mangochi, kodi ndi mzungu uti amene amasiyanitsa bango ndi mlaza? Ine ndinalembapo dzina la mtengo wina pa chiboliboli cha mtengo wina, ndipo palibe anabweza. Anthu a pagulu lino mumakonda kuopsezana, n'chifukwa chake malonda athu sakula.

Mphunzitsi Wopuma: Bambo, kunama kuti amayiwo ndi amasiye pamene amuna awo ali moyo ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo ine sindingakonde kuona mlongo wanga akugulitsidwa ndi nkhani ya umphawi wopeka. Komanso a NaPhiri, ngongole ya alamu anu muipititse kwa ankhoswe, pano tingoona za madengu.

Mnyamata wa ku Joni: Ine ndimabwera ndi basi mwezi uliwonse ndipo katundu wotere ndimanyamula pa mtengo wabwino. Ngati madenguwo akufuna kufika ku Johannesburg mundiuze.

Mphunzitsi Wopuma: Achimwene, basi yanu siwoloka nyanja yamchere. Werenganinso funso.

Mayi wa ku Mangochi: Za zilembo 140 zija ndi zoona pa tsamba logulitsirapo la Etsy pokha. Pa eBay mutu umathera pa zilembo 80, ndipo pa Amazon ndi pamene pali malo asanu okonzedwa kale a mfundo za timadontho, pamene pa Etsy mfundozo mumangozilemba nokha mzere ndi mzere m'malo ofotokozera katundu. N'chifukwa chake ndafunsa za tsamba. Koma kulikonse kumene muli, wogula woyang'ana pa foni amaona mawu oyambirira okha a mutu, ena onse amadulidwa, ndiye mawu oyambawo anene chinthucho ndi ntchito yake. Mu mutu wanu mawu akuti beautiful, nice ndi best atenga malo pachabe, popeza palibe munthu amene amalemba mawu amenewo pofufuza dengu loikamo zovala kapena zipatso. Tiyerekeze kuti dengu lanu ndi lozungulira, la zogwirira ziwiri, ndipo kukamwa kwake ndi masentimita 30. Ine ndikanalemba motere:

```
Handwoven Reed Storage Basket with Handles, 12 inch Round, Natural, Made in Malawi
```

Mutu umenewu uli ndi zilembo 82 tikawerengera ndi mipata yomwe, choncho pa Etsy ukukwana bwino, koma pa eBay mungachotse mawu akuti Natural kuti utsike kufika pa 73. Ndaika mainchesi chifukwa ogula a ku Amereka sazolowera masentimita, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye masentimita 30 akungotsala pang'ono kukwana mainchesi 12.

Bambo wa Ziboliboli: Zilembo 82 pa malo a zilembo 140 ndi kulima theka la munda n'kusiya theka lina thengo. Mawu ambiri ndiwo amakoka anthu ambiri, ndipo izi sindinawerenge m'buku ayi, ndaziona ndi maso anga.

NaBanda wa ku Leeds: Abambo akulondola pang'ono, chifukwa mawu ofufuzira amafunikadi, koma pa Etsy ali ndi malo awoawo okwana 13, aliwonse osapitirira zilembo 20, ndipo mawu ngati boho amakhala bwino kumeneko kusiyana ndi kuwaunjika pa mutu. Ine vuto langa linali lina. Ndinaitanitsa malichero 10 kuchokera kumudzi nthawi ya dzinja, anawatsekera m'pulasitiki asanaume bwino, ndipo atafika kuno anali ndi nkhungu ndi fungo loti sindikanatha kugulitsa ngakhale limodzi. Mpaka pano ndikamva fungo la nsungwi yonyowa mtima umandipweteka. A NaPhiri, muziwayanika kaye pa dzuwa mpaka aume gwa, kenako muziwagogoda pa nsalu yakuda. Mukaona kaufa kakugwa ndi timabowo tating'ono, dziwani kuti afumbwa mkati ndipo musawatumize.

NaPhiri wa ku Salima: Zikomo nonse. Ndafunsa amayi olukawo, ndipo akuti thupi la dengu ndi bango long'amba, mkombero wa pamwamba ndi nsungwi, ndipo zogwirira amamanga ndi mlaza. Za alamu anga, ankhoswe ndinawauza kale koma nawonso anatengako dengu limodzi. Mng'ono wanga sakuyankha foni, mwina wagona.

Mayi wa ku Mangochi: Ngati ndi choncho, mawu akuti reed akhale pa mutu popeza thupi ndi bango, koma mfundo imodzi itchule zomera zonse zitatu. Kukula kwake simunatiuzebe, pamene dandaulo la wogula wanu mmodzi uja linali lomwelo. Mfundo yoyamba ikhale muyeso: kukamwa, kutalika, komanso ngati kutalikako mwawerengera zogwirira kapena ayi, chifukwa zogwirira zikhoza kuwonjezera masentimita angapo ndipo wogula amene akufuna kulowetsa dengu pansi pa shelefu amayeza zimenezo. Muyeze madengu onse amene muli nawo, osati limodzi lokongola lija, kenako mulembe kusiyana kumene mwapeza, popeza manja a amayi anayi saluka mofanana. Ngati laling'ono ndi masentimita 29 ndipo lalikulu ndi 32, nenani zimenezo poyera. Mizere itatu yoyamba ingaoneke chonchi, koma muike manambala anu:

```
Size: 30 cm (12 in) wide, 25 cm (10 in) high, handles not included
Material: split reed body, bamboo rim, palm leaf handles
Handmade: size may vary by up to 2 cm
```

Mzere wachinayi unene za kasamalidwe, kuti dengu lisakhale pa malo onyowa ndipo alipukute ndi nsalu youma. Wachisanu unene kumene katundu akuchokera, masiku amene amatenga pa njira, komanso kuti wogula akhoza kulipitsidwa msonkho m'dziko lake. Apa mpofunika kudziwa ngati madenguwo amanyamuka ku Malawi kapena ali kale m'nyumba ya mng'ono wanu, chifukwa mukalemba ngati akuchokera ku Mangalande pamene akuchokera ku Salima, wogula adzayembekezera masiku ochepa ndipo adzakwiya.

Wa Zotumiza Katundu: Ndiwonjezere mbali ya ntchito yanga, chifukwa imakhudza mutu womwewo. Makampani a ndege salipiritsa kulemera kokha, amaonanso malo amene katoni yatenga. Ambiri amachulukitsa mbali zitatu za katoni m'masentimita n'kugawa ndi 5000, ndipo amatenga chachikulu pakati pa yankholo ndi kulemera kwa pa sikelo. Katoni ya masentimita 40 ndi 40 ndi 30 imatuluka makilogalamu 9.6, ngakhale mkati muli dengu limodzi losakwana kilogalamu. Mukapempha amayiwo kuti aziluka madengu atatu olowana, lalikulu, lapakati ndi laling'ono, onse amalowa m'katoni yomweyo pa mtengo womwewo, ndipo mutu uyambe ndi Set of 3. Pa fomu ya kasitomu madengu amagwa pa nambala 4602, a nsungwi pa 4602.11, a bango ndi mlaza pa 4602.19, ndipo zomera zimene mwalemba pa fomuyo zifanane ndi za pa mfundo zanu. Ku Australia ndi ku New Zealand amafufuza kwambiri katundu wa zomera, ndipo akapeza tizilombo akhoza kulamula kuti apoperedwe mankhwala pa ndalama za mwini wake kapena awonongedwe, ndiye musalonjeze kutumiza dziko lililonse musanafunse.

Bambo wa Ziboliboli: Nonsenu mukumulemetsa mayiyu ndi masamu. Dengu lokongola limadzigulitsa lokha ngati chithunzi chili chabwino ndipo nkhani yake ikugwira mtima. Ine ndikanali pomwepo, alembe za amayi olukawo pa mfundo yoyamba, muyeso upite kumapeto.

NaBanda wa ku Leeds: Za amayi olukawo alembe ndithu, koma zoona zokhazokha, kuti amaluka ku Salima m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndipo bango amadula okha ngati amaterodi, komanso awapemphe kaye asanaike zithunzi zawo. Kuti mfundoyo ikhale yoyamba kapena yomaliza, ine ndi abambo sitigwirizana. Dengu la a NaPhiri la zomera zitatu likugwa pa nambala iti mwa ziwiri zija, a Zotumiza Katundu?

Wa Zotumiza Katundu: Ine ndikanaliika pa 4602.19 popeza bango ndilo lachuluka, koma ndiyambe ndaliona.

NaPhiri wa ku Salima: Pepani, tepi yoyezera anabwereka atelala a pafupi ndi kwathu ndipo apita ku maliro ku Nkhotakota. Dengulo likhoza kukwana mbale ziwiri za nsima ndi kambale ka ndiwo. Kodi pamenepa ndilembe mainchesi angati?