Thandizeni: phunziro la zaluso ndi zotola kudzala, a PEA akubwera Lachinayi

Nachisale: Aphunzitsi anzanga, ndili m'madzi kuno ku Dedza. Lachinayi a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni yathu, akudzaonerera phunziro langa la zaluso. Ahedi akuti ana apange zinthu kuchokera ku zotayidwa, ine ndikhale ndi chekilisiti yoonera luso lawo. Kalasiyi ndangoilandira mnzanga atapita kutchuthi, sikimu sanasiye, kiyi wa kabati adasowa, ndipo ndi kuzizira kwa Juni uno ana akufika mochedwa. Ndiyambire pati? Luso munthu amachonga bwanji?

Che Jafali: Mwatiuza za kiyi koma simunatiuze sitandade. Ana alipo angati?

Kamwendo wa ku Ntcheu: Amayi, kaya ndi sitandade yanji, musawauze kuti "pangani chilichonse". Piriyodi idzatha akukanganirana makatoni. Apatseni ntchito imodzi: chinthu chogudubuzika chonyamula miyala iwiri. Gulu lililonse katoni ya sopo imodzi, zitsekerero za mabotolo 6, timitengo ta nsungwi tiwiri, ulusi wa thumba, ndi mulu wa zina zoti asankhe okha monga mapesi, zitsononkho ndi zigamba. Zitsekererozo muboole nokha Lachitatu ndi msomali wotentha, pakati penipeni. Bowo likapendekera pambali tayala limadumphadumpha, likathina pa kamtengo silizungulira. Onetsani kulowetsa kamtengo m'katoni basi. Galimoto yotha kale MUSAONETSE. Mukaonetsa, magulu onse adzapanga yanu yomweyo, ndiye muchonga luso la ndani?

Mai a Tadala: Guluu musagule. Masupuni awiri a kondoole m'kapu imodzi ya madzi ozizira, takasani, kenako phikani mukuvundula mpaka lisiye kuyera, lizioneka ngati lowala. Phikani m'mawa womwewo, logona limasasa.

Kamwendo wa ku Ntcheu: Phala limenelo limagwira pepala ndi katoni, pulasitiki ayi. Ndipo ku Dedza mu Juni silingaume mu mphindi 35. A PEA adzapeza zinthu zikumatuka, ana manja ali nyatanyata. Amange ndi ulusi kapena alowetse m'timabowo.

Mai a Tadala: Zokongoletsa za mapepala amanga ndi ulusi? Pakani pang'ono ndi nthenga, limagwira.

Sir Dala: Ingowauzani abwere ndi magalimoto a mawaya kuchokera kunyumba, kalasi iwale. Zinazi n'kudzivuta.

Che Jafali: Amenewo amapanga ndi achimwene awo, Dala. Komanso amayi, zomwe ana abweretse muzione pakhomo. Kwanuko anthu amapopera kachewere ndi tomato, mwana atha kutola botolo la mankhwala. Botolo lopanda chizindikiro chodziwika, lezala, galasi ndi zitini za dzimbiri zibwerere. Zotsala zitsukidwe ndi sopo Lachitatu.

Nachisale: Pepani, ndi Sitandade 4, ana 96. Sizasi ndili nazo ziwiri zokha.

Kamwendo wa ku Ntcheu: Ndiye magulu 12 a ana 8, zitsekerero 72. Makatoni dulirani nokha, sizasi ziwirizo zikhale patebulo panu. Pemphani mapiriyodi awiri otsatizana: mphindi 10 kufotokoza ndi kugawa, 35 kupanga, 15 kuyesa ndi kufotokoza, 10 kusesa ndi kusamba m'manja. Chekilisiti ikhale pepala limodzi, magulu kumanzere, mafunso anayi pamwamba, yankho eya kapena ayi. Loyamba: chikugudubuzika mita imodzi miyala ili momo? Lachiwiri: pali chotayidwa chomwe achipatsa ntchito yachilendo? Lachitatu: pali chomwe chikusiyana ndi cha gulu loyandikana nalo? Lachinayi: angathe kunena chomwe chinakanika ndi momwe anachikonzera? Mawu oti "chokongola" asapezeke papepalapo. Tiyerekeze gulu lina lapanga ngolo yopindika, matayala akugwa, kenako labaya tizidutswa ta zitsononkho kumapeto kwa kamtengo kuti matayala asavuke. Amenewo lachiwiri ndi lachinayi apata, ngakhale ngoloyo ioneke ngati yagundidwa ndi ng'ombe. Gulu la galimoto yosalala yofanana ndi ya anzawo, lachitatu ndi ayi.

Nangozo: Funso lachitatulo likulanga ndani? Magulu awiri akafanana, mudziwa bwanji amene waonera mnzake? Komanso ana 8 pa katoni imodzi, opanga amakhala anyamata awiri, atsikana n'kumangogwirizira. Malikisi a gulu amabisa zimenezo.

Kamwendo wa ku Ntcheu: N'chifukwa chake mumachonga mukuyendayenda, osati pamapeto. Wofotokoza mumaloza inu, asasankhe gulu.

Nangozo: Ameneyo ndi mwana mmodzi pa 8. Enawo? Ine ndikadasankha magulu atatu oti ndiwayang'ane mwana aliyense payekha, ena sabata yamawa.

Sir Dala: A Kamwendo, mungopita ku Dedza Lachinayi mukaphunzitse ndinu.

Nachisale: Zitsekerero ndatolera 40. Za chitsulo zija za m'mabotolo a galasi zingalowe m'malo?

Che Jafali: Zimalowa, koma msomali umasiya mano akuthwa kuseri. Musalaze ndi hamala pamwala.