Ndilembe chiyani pakapepala ka nyali ya solayi kuti ogula asamabwerere?

Wogulitsa nyali: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndaoda tinyali ta sola, nyali iliyonse ili ndi kapanelo kake kapadera ka chingwe. Pabokosi alembapo `30W`, kuwala maola 12, kutchaja maola 6. Ine ndinangokopera zomwezo pakapepala. Ogula awiri abweza kale, akuti nyali ikumathima anthu asanagone pamene aiyanika tsiku lonse. Kuseri kwa panelo kwalembedwa `6V 3W`, pabatire `3.7V 4400mAh`, ndipo nyaliyo ili ndi kuwala kuwiri, kwambiri ndi pang'ono. Ndikufuna mawu osavuta oti agogo awerenge n'kumva, komanso oti ndisaoneke wabodza.

Wa mafoni: Mayi, masamu ake ndi aafupi. Chulukitsani 3.7 ndi 4.4, yomwe ndi 4400 ija mutaigawa ndi 1000, mupeza 16. Ndiye kuti batirelo limasunga `16Wh`, kutanthauza mawati 16 kwa ola limodzi. Gawani ndi mawati 3 a panelo, mupeza maola 5 ndi kanthu. Bokosi silinaname, maola 6 ndi omwewo. Ogula anuwo mwina akuika panelo pamthunzi.

Mmisiri wa magetsi: Achimwene, 16 mwapezayo ndi yolondola, koma kugawa ndi 3 ndi pomwe pakuterera. Mawati 3 amenewo anawayeza kufakitale ndi kuwala kwa mawati 1000 pa sikweya mita imodzi, panelo ili pa madigiri 25. Padenga panelo imatentha kuposa pamenepo, ndipo ikatentha mphamvu imatsika. Koma chachikulu si chimenecho. Panelo ya `6V 3W` imatulutsa theka la ampu, ndiye mamiliampu 500. Tinyali totchipa tambiri tilibe kachipangizo kosandutsa mavolti otsalawo kukhala maampu oonjezera. Batire likakhala pa mavolti 3.7 kapena 4, limalandira theka la ampu lomwelo, otsalawo amangotayika. Choncho zolowa m'batire ndi mawati 2 kapena kucheperapo.

Ndiye werengani ndi maampu. Gawani 4400 ndi 500, mupeza maola pafupifupi 9 a dzuwa lamphamvu. Mukawerengera zotayika chifukwa cha fumbi, kutentha ndi chingwe chowonda, munene kuti 10. Tsopano funso ndi lakuti tsiku limodzi lili ndi maola angati a dzuwa lotere. Kunja kumawala maola ambiri, inde, koma dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limafika chopendekera. Mukaliphatikiza lonse, m'madera ambiri a dzuwa labwino limangokwana maola 4 mpaka 6 a dzuwa la masana. Batire lanu, mayi, limadzadza masiku awiri, osati tsiku limodzi.

Wogulitsa nyali: Iii, ndiye amene abwezawo sanalakwe? Nanga `30W` ija ikuchokera kuti, poti panelo ndi 3?

Mmisiri wa magetsi: Sanalakwe. Koma `30W` musaikepo n'komwe. Kawirikawiri opanga amatanthauza kuti nyaliyo ikuwala ngati babu lakale la waya la mawati 30, ndipo nthawi zina ndi nambala yongokometsera bokosi. Nyali ikanamadyadi mawati 30, batire la `16Wh` likanatha pa theka la ola. Onani kapepala ka m'bokosi ngati alemba mawati enieni a nyali kapena malumeni, muyezo wa kuwala wolembedwa `lm`.

Wogulitsa nyali: Ndapeza. Alemba `LED 2W`, pang'ono `0.5W`, ndi `200lm`.

Mmisiri wa magetsi: Basi, tapeza poyambira. Pa 16 paja, mphamvu yomwe imafikadi kunyali tinene kuti ndi 13 kapena 14, chifukwa ina imathera m'njira ndipo nyali imadzizimitsa batire lisanaphweretu. Pa kuwala kwambiri, 13 kugawa ndi 2, maola 6 ndi theka. Pa kuwala pang'ono, 13 kugawa ndi theka, maola 26. Maola 12 a pabokosi sakugwirizana ndi iliyonse mwa ziwirizi, mwina anayeza mpaka nyali itatsala kakuwala kosaonetsa kanthu.

Koma manambala amenewa ndi a batire lodzadza, ndipo wogula amaliona lodzadza tsiku loyamba lokha. Masiku ena onse amadya zomwe dzuwa la tsikulo lathira. Zili ngati ndowa yaikulu pampopi wodontheza: kukula kwa ndowa sikukuthandizani ngati madzulo alionse mumapeza ili theka. Tsiku la dzuwa labwino, mamiliampu 450 otsala pa 500 paja kuchulukitsa ndi maola 5, mupeza 2250, lomwe ndi theka la batire. Pa kuwala kwambiri amenewo ndi maola 3 ndi theka. Munthu akayatsa 6 koloko madzulo, isanakwane 10 koloko nyali yathima. Si zimene akudandaulazo? Nambala yoyenera kukhala pamwamba pakapepala ndi imeneyi: tsiku limodzi la dzuwa limapereka maola angati a kuwala.

Wokonza mabatire: Ine ndikuona kuti mwasiya funso lenileni. Za kukhalitsa kwa batire munthu amafuna kudziwa zaka. La `3.7V` lotere limayamba kufooka likatchajidwa ndi kuphwa maulendo 300 mpaka 500. Pali ena olembedwa `3.2V LiFePO4`, amenewo amafika maulendo 2000 kapena kuposa. Ine ndimauza aliyense kuti ayang'ane nambala imeneyo kaye. Sabata yatha wina anandibweretsera nyali yomwe ankaisiya padzuwa pamodzi ndi panelo, batire litatupa ndi kutentha. Panelo ipite panja, nyali ikhale pamthunzi, chingwecho ntchito yake ndi imeneyo.

Wogulitsa nyali: Zikomo bambo. Ine ndimafunsa za maola a usiku umodzi, koma za zakazo anthu amafunsanso. Ndilembe kuti zaka ziwiri?

Wokonza mabatire: Lembani. Poti limangotsika theka patsiku, maulendo awiri otere ndi ngati umodzi wathunthu. Zaka ziwiri lifika.

Mmisiri wa magetsi: Apa ine ndiye ayi. Masamuwo akumveka ngati batire ndi labwino, koma sitikudziwa kuti m'katimo anaikamo chiyani, kapena linakhala miyezi ingati m'nyumba yosungira katundu. Nambala ya zaka ikalembedwa, wogula amaitenga ngati lonjezo. Lembani nthawi yomwe inuyo mungalole kusintha nyali ikavuta, ndipo muonjezere kuti maola a kuwala adzayamba kuchepa batire likamakalamba.

Wa mafoni: Chabwino, za maampu ndamva. Koma mukalemba kuti masiku awiri ndi maola atatu, pamene mnzanu pafupi walemba maola 12, agula kwa ndani? Komanso musaiwale kabowo kotchajira foni. Anthu ambiri amagulira kameneko.

Mmisiri wa magetsi: Kabowoko ndi kamene kamabweretsa mikangano yambiri. Foni ya masiku ano ili ndi batire la `4000mAh` kapena `5000mAh`, lofanana kapena loposa la nyaliyi. Ndipo potumiza moto kuchoka ku batire lina kupita ku lina, gawo limatayika. Dzuwa la tsiku lonse lingafikitse foni yotere chapakati basi, mwinanso osafika, nyali n'kugona yopanda kanthu. Kafoni ka mabatani kamene kali ndi batire la `1000mAh` kamadzadza, koma kamadya pafupifupi theka la kuwala kwa usikuwo. Mukapanda kulemba zimenezi, mwana atchaja foni masana, madzulo makolo akuti nyali ndi yakufa.

Wolemba zikwangwani: Ine za mawaya sindizidziwa, ntchito yanga ndi kulemba. Mwakamba manambala ambiri, koma agogo safuna mavolti. Pakapepala pakhale mayankho a mafunso omwe munthu amafunsa ali chiimire: ikuwala bwanji, ikhala mpaka nthawi yanji, ndiiyanike nthawi yaitali bwanji. Ine ndikanalemba chonchi:

"Nyali iyi ikayatsidwa kwambiri imawalitsa chipinda chimodzi, ndipo mutha kuwerenga mutakhala pafupi nayo. Mukayanika panelo tsiku lonse padzuwa labwino, imawala maola atatu pa kuwala kwambiri, kapena usiku wonse pa kuwala pang'ono. Batire likatheratu limafuna masiku awiri a dzuwa kuti lidzadze, ndipo likadzadza limawala maola sikisi pa kuwala kwambiri. Kukachita mitambo maolawa amachepa kwambiri. Mukatchajirapo foni, kuwala kwa usiku umenewo kuchepa kapena kusowa."

Manambala a panelo ndi batire muwaike pansi penipeni ndi zilembo zazing'ono, kwa amene amawafuna.

Mmisiri wa magetsi: Achemwali mwalemba bwino, ndipo mwachita bwino kudula theka lija n'kusiya atatu. Wogula akapeza maola ochulukirapo sabwera kudzadandaula. "Usiku wonse" ndi zoona, chifukwa pa theka la wati tsiku limodzi limapereka maola 14. Ndingoonjezera mzere umodzi: panelo ikhale panja poyang'ana dzuwa, osati kuseri kwa galasi la zenera, ndipo muziipukuta fumbi. Mthunzi wa tsamba limodzi pa kachigawo kamodzi umagwetsa moto wa panelo yonse, chifukwa tizigawoto timalumikizidwa mondondozana.

Komabe mayi, musasindikize musanayese nyali imodzi. Zonsezi tawerengera pokhulupirira kuti `4400mAh` ndi yoona. Itchajeni mpaka idzadze, iyatseni kwambiri, mulembe nthawi yomwe yayamba kuzilala ndi yomwe yathima. Kenako, ili yophwa choncho, iyanikeni tsiku limodzi lokha n'kuwerenganso maola. Ngati muli ndi mita, yezani maampu a panelo masana dzuwa lili pamutu. Ikaonetsa pafupi ndi theka la ampu, panelo ndi yoona. Ikaonetsa 0.25, mwagula panelo ya wati imodzi ndi theka yovala dzina la 3.

Wokonza mabatire: Ndipo mukatsegula kumbuyo muwerenge mabatire. Kuti ikwane 4400 pamayenera kukhala awiri a `18650`, lililonse 2200. Mukapeza limodzi lokha lolembedwa 4400, ndi bodza, chifukwa ngakhale abwino kwambiri a saizi imeneyo amathera cha m'ma 3500.

Wogulitsa nyali: Ndabwera ndi zotsatira. Mabatire ndi awiri. Itadzadza, inawala bwino maola asanu, kenako inayamba kuzilala mpaka inathima ola lachisanu ndi chimodzi litadutsa pang'ono. Nditaiyanika tsiku limodzi inawala maola atatu ndi mphindi zochepa, koma masana kunadutsa timitambo. Mita ndilibe, panelo sindinaiyeze. Tsono pa batire lodzadza ndilembe asanu kapena sikisi?

Mmisiri wa magetsi: Asanu. Ola lozilala lija mwana sangawerengere buku.

Wa mafoni: Ine ndikanalemba sikisi, nyali inali ikuyakabe. Mukamadzichepetsa pa chilichonse mudzatsala nazo pashelefu.

Wolemba zikwangwani: Malo alipo pakapepala. "Maola asanu owala bwino, kenako imazilala kwa ola limodzi." Koma mayi, yesaninso nyali ina ya m'katoni momwemo musanandipatse kuti ndilembe, imodzi yokha siyingayankhulire zonse.

Wogulitsa nyali: Yachiwiri ili pa tchaji kale. Amene ali ndi mita andibwereke Loweruka, ndiyeze mapanelo atatu.