Ana akuti income ndi kusowa ndalama, tiwathandize bwanji?

Naphiri: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ana anga a Fomu 3 ndinawaphunzitsa kuti mphatikiri in- akakhala koyambirira kwa mawu amatsutsa: correct ndi incorrect, complete ndi incomplete. Anamvadi. Koma pa mayeso a sabata yatha ambiri alemba kuti income ndi kusowa ndalama, wina akuti inject ndi kukana jakisoni. Ndingowaletsa zoganizirazi?

Bambo Gondwe: Madamu, mankhwala ake ndi dikishonale basi. Mwana aliyense azibwera nayo.

Naphiri: Bambo Gondwe, m'chipinda cha mayeso a Maneb dikishonale salowa nayo. Komanso ife tili nazo zochepa, zimakhala ku ofesi ya ahedi.

Mayi Chirwa: Musawaletse, mwana wanga, mwangowapatsa theka. A in- alipo awiri ofanana nkhope. Wina amatsutsa, wina amatanthauza kulowa m'kati, monga mu income, inject, insert ndi inhale. Awiri onsewa amasinthanso chilembo potengera chimene chikubwera: impossible ndi wotsutsa, import ndi wolowetsa.

Chimene ine ndinkachita ndisanapume ntchito, mwana azitseka in- uja ndi chala n'kuwerenga chotsalacho. Chikatsala ndi mfotokozi wodziimira payekha, monga correct, legal kapena regular, nthawi zambiri ndi wotsutsa uja. Chikatsala ndi mneni ngati come, kapena chidutswa chopanda tanthauzo pachokha ngati ject, aganize zolowa m'kati. Ndiye abwerere ku chiganizo aone ngati zikugwirizana. Kubwererako ndi kumene ana amadumpha.

Che Saidi: Ine ndimayambira kumapeto kwa mawu, chifukwa aphatikiri a kumeneko sanama. -tion, -ment ndi -ness ndi mayina, -ly ndi muonjezi. Mwana akadziwa mtundu wa mawu, pa mafunso osankha aja mayankho ena amagwa okha.

Mayi Chirwa: Pa mayina mwalasa, Che Saidi, koma -ly amanama ndithu. Friendly, lovely ndi costly ndi afotokozi. Aone chimene chaphatikizidwacho: -ly akakhala pa mfotokozi ngati quick amatulutsa muonjezi, akakhala pa dzina ngati friend amatulutsa mfotokozi.

Tiyeni tiyese chiganizo chonse, Naphiri, muchilembe pa bolodi mawa: Deforestation causes irreversible damage to the soil. Mawu oyambawo mwana ayambe wapeza chimene akuchidziwa pakatipo, forest. Kumapeto kuli -ation, ndiye ndi dzina la ntchito yochitika. Koyambirira kuli de-, wochotsa. Nkhalango, kuchotsa, ntchito: watulukira yekha kuti ndi kutha kwa nkhalango. Enawo, irreversible, ndi okoma kwambiri. Ana onse amadziwa galimoto ikamabwerera chammbuyo kuti ili pa rivesi, ndiye reverse sangawavute. -ible ndi chotheka, choncho reversible ndi chotheka kubweza. Atseke ir- ndi chala, watsala mfotokozi wathunthu, ndiye ndi wotsutsa: kuwonongeka kosatheka kubweza. Chiganizo chikuvomera? Eya, dothi likakokoloka ndi mvula silibwerera m'munda.

Nyamwale: Ine ndimaphunzitsa Chichewa koma ndilowererepo. Zimenezi ana amazidziwa kale m'chinenero chawo, kungoti sitiwakumbutsa. Tseka ndi tsekula, mata ndi matula, ndi zomwezo za lock ndi unlock, tie ndi untie. Pa mneni un- amabweza ntchito imene inachitika, pamene pa mfotokozi ngati unhappy amangokhala osa- wathu uja. Muwalembetse kaye banja la phunzira, phunzitsa, mphunzitsi, maphunziro, kenako educate, educator, education, uneducated pambali pake.

Naphiri: Zimenezo ndatenga. Koma Mayi Chirwa, ndayesa chala chanucho pa inflammable. Ndikatseka in- akutsala flammable, mfotokozi wabwinobwino, ndiye mwana anena kuti chinthucho sichiyaka. Chikhalirecho mawuwa amalembedwa pa zinthu zoyaka msanga ngati petulo!

Mayi Chirwa: Pamenepo chala chimagonja. Mawuwo anachokera ku banja la inflame, kuyatsa, ndiye in- wake si wotsutsa, ndipo flammable ndi inflammable ndi chimodzimodzi. Winanso ndi invaluable, amene ana amati chopanda phindu pamene ndi chinthu cha mtengo wapatali moti sungachiwerengere. Oterewa si ambiri. Ine ndinkangowalemba pakona pa bolodi, osafufuta teremu yonse, aziloweza.

Che Saidi: Nanga ject uja? Ine ndikuona kuti tiwaphunzitse mizu ya Chilatini. Akadziwa kuti ject ndi kuponya, port ndi kunyamula, ndiye kuti reject, eject, export ndi transport atsegukira limodzi.

Mayi Chirwa: Pa port ndikuvomera. Koma mwana wodziwa kuti ject ndi kuponya apanga nayo chiyani subject kapena object? Kwa ana a Fomu 3 ndikuopa kuwasenzetsa katundu.

Che Saidi: Anga amazikonda. Mizu isanu yokha pa teremu siingaphe munthu.

Bambo Gondwe: Koma pamapeto pake azikatsimikizabe mu dikishonale.

Naphiri: Akaipeza, Bambo Gondwe. Mawa ndiyamba ndi chiganizo cha nkhalango chija. Che Saidi, munditumizire mizu yanu isanuyo ndiione kaye.