Sensa ya ADXL345 ikungobweza 0xFF pa SPI, vuto ndi mawaya kapena modi?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndalumikiza ADXL345 ku ESP32: SCL ku GPIO18, SDO ku GPIO19, SDA ku GPIO23, CS ku GPIO5, magetsi 3.3V. Pa mawaya omwewo palinso kabodi ka SD kadi, kokhala ndi CS yakeyake. Ndikawerenga rejisita 0x00 ndimayembekezera 0xE5, koma ikubwera 255 nthawi zonse.

```
SPI.beginTransaction(SPISettings(1000000, MSBFIRST, SPI_MODE0));
digitalWrite(5, LOW);
SPI.transfer(0x80);
byte id = SPI.transfer(0x00);
digitalWrite(5, HIGH);
SPI.endTransaction();
```

Kodi sensayi yapsa?

Kadzidzi_32: Sinapse achimwene. ADXL345 imafuna CPOL=1 ndi CPHA=1, ndiye kuti `SPI_MODE3`. Sinthani pamenepo basi, zitheka.

Wofunsa: Ndasintha, ikadali 0xFF.

MayiWaSolida: Modi 3 ndi yolondola, musaichotsenso. Koma modi yolakwika kawirikawiri simabweretsa mawani okhaokha. Kiloko ikamawerenga pa mphepete yolakwika, nambala imabwera koma yosuntha ndi biti imodzi. M'malo mwa 0xE5 mukanaona 0xCA kapena 0xCB ikasunthira kumanzere, 0x72 kapena 0xF2 ikasunthira kumanja. Mukaona zoterezo dziwani kuti sensa ikuyankhula, kungoti inu ndi iyo mwasemphana nthawi.

0xFF ikutanthauza kuti waya wa MISO, uja wochokera ku SDO kupita ku GPIO19, unali pamwamba pa mabiti onse 8. Zifukwa zake ndi ziwiri ndipo n'zosiyana kwambiri: mwina palibe chimene chikuyendetsa wayawo, ukungokokedwa m'mwamba mofooka, kapena pali china chimene chaugwira pamwamba mwamphamvu. Ikani rezisita ya 10k pakati pa MISO ndi GND muwerengenso. Ikasanduka 0x00, wayawo unalibe mwini, choncho fufuzani CS, GND ndi solida ya mapini a sensa. Ikakhalabe 0xFF, pali chimene chikuukakamira.

Tiyese_Kaye: Ine yanga inkachita zomwezi, nditaika marezisita a 4.7k pa SDA ndi SCL n'kusintha adiresi kukhala 0x53 inayamba kuyenda.

MayiWaSolida: Imeneyo ndi I2C bambo. Mapini amalembedwa mofanana chifukwa chipu iyi imadziwa njira zonse ziwiri, koma pa SPI palibe adiresi, amene amasankha ndi CS.

Kadzidzi_32: Mayi, sindikuvomereza kuti modi singabweretse 0xFF. Mukuyang'ana yankho lokha, nanga lamulo lopita kwa sensa? Biti yoyamba ya 0x80 ndi imene imanena kuti tikuwerenga. Lamulo likasuntha ndi biti imodzi, sensa imamva 0x40 kapena 0x00, ndipo kwa iyo kumeneko ndi kulemba. Ikuyankhanso chiyani?

MayiWaSolida: Apo mwanena zoona, n'chifukwa chake ndinati kawirikawiri. Zimachitika makamaka munthu akatsitsa CS asanaitane `beginTransaction`. Mu modi 0 kiloko imapuma pansi, mu modi 3 imapuma pamwamba. Ikakwera kupita kopumira CS ili kale pansi, sensa imatenga kukwerako ngati biti yoyamba. Ndipo popeza SD kadi imayendetsedwa mu modi 0, kiloko imabwerera pansi nthawi iliyonse kadi ikagwiritsidwa ntchito. Koma khodi ya mnzathuyi ili m'dongosolo labwino, ndiye ayese kaye rezisita.

Wofunsa: Ndi 10k ija ikadali 0xFF. Ndinayesanso kuchotsa zonse n'kulumikiza GPIO23 ku GPIO19, ndikatumiza 0xA5 ikubwerera 0xA5.

MayiWaSolida: Kulumikiza kumeneko kwangotsimikiza kuti mapini a ESP32 ali bwino. Za modi sikunena kanthu, chifukwa wotumiza ndi wolandira ndi mmodzi, modi iliyonse ipambana. Tsopano bwezerani sensa, koma waya wa MISO wa kabodi ka SD muusiye panja. Timabodi tambiri ta SD topangidwira 5V tili ndi kachipu kosintha mphamvu ya magetsi, ndipo pa tina mwa ito kachipuko sikasiya MISO ngakhale CS yake ili pamwamba. Kadi ikakhala chete kamangotulutsa 1, sensa n'kumalimbana nako.

Wofunsa: Eee, 0xE5 yabwera! Ndikabwezera waya wa SD ikubwereranso 0xFF. Nanga kadiyo ndiitani, poti ndikuifuna?

MayiWaSolida: ESP32 ndi ya 3.3V kale, sifunika kachipu kaja. Pezani soketi ya SD yopanda chilichonse. Apo ayi, ESP32 ili ndi SPI ina yachiwiri, kadi ipatseni mawaya akeake.

Kadzidzi_32: Ine ndingangotukula mwendo wa kachipuko umene umayatsa mbali ya MISO, n'kuulumikiza ku CS ya kadi. Kagwira ntchito pa mawaya omwewo.

MayiWaSolida: Zimatheka ngati ndi 74LVC125 ndipo mwaupeza mwendo wolondola, koma timabodito sitiyalidwa mofanana. Tiuzeni zimene zalembedwa pa kachipuko musanayatse kauya.

Tiyese_Kaye: Rezisita ya 1k pa MISO ya kabodi ka SD siingathandize? Ndinaona wina atachita choncho.

Kadzidzi_32: Sensa ipambana ndithu, koma sindikudziwa ngati kadi idzawerengekabe bwino mukakweza liwiro. A wofunsa, kadiyo mukuiyendetsa pa ma MHz angati?