Thandizeni: kodi yanga ya manambala otsatizana ikungondipatsa Time Limit Exceeded

Membala wobisa dzina: Abale ndi alongo, ndithandizeni mutu wanga usanaphulike. Lachisanu ndili ndi intavyu ku kampani ina, ndiye ndikukonzekera ndi funso nambala 128 la pa LeetCode, lija la Longest Consecutive Sequence. Amakupatsa manambala osokonekera ngati `[100, 4, 200, 1, 3, 2]`, iwe upeze kutalika kwa mndandanda wa otsatizana. Apa yankho ndi 4, chifukwa pali 1, 2, 3, 4. Akuti zitheke mu O(n), kutanthauza kuti ntchito izikula molingana ndi kuchuluka kwa manambala. Ndagwiritsa ntchito `set` mu Python monga aliyense amanenera, zitsanzo zing'onozing'ono zikudutsa bwinobwino, koma ndikatumiza ikumakana kumapeto. Kuno magetsi anazima m'mawa, batire ya laputopu imangokhala mphindi makumi awiri, msuweni wanga anandithera bandulo poonera mpira, ndiye mayi akuti ndingopita kukathandiza ku golosale ya amalume. Kodi mwina laputopu yangayi ndi imene ikuchedwa?

Chimbalangondo: Vuto la ana a masiku ano ndi lomweli, kukonda zovuta. SANJANI manambalawo basi! `sorted()` kenako muwerenge kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ine ndayamba kulemba mapulogalamu inu mukuyamwa.

Mayi a Mapasa: Msuweniyo musinthireni pasiwedi kaye, zinazo pambuyo. Wanga anandithera bandulo ya mwezi wonse pa sabata imodzi, mpaka lero sitilankhulana bwino.

Kadziwotche: Koma 100 ndiye ali koyambirira, 1 akubwera pambuyo pa 4. Ndiye 1, 2, 3, 4 akutsatizana bwanji? Ine ndikuona 4 kenako 200, yankho 2.

Namzeze: Akadziwotche, limenelo ndi funso lina. Pano malo amene nambala yakhala alibe ntchito, chofunika n'choti ilipo kapena palibe. Inu ofunsa, laputopu siikukhudzidwa, kodiyo imathamangira ku makina a LeetCode osati anu. Mwatiuza za msuweni, za amalume, za magetsi, koma kodiyo simunaike. Tiloze chiyani? Poyamba ndifunse: musanayambe kuwerenga kuchokera pa nambala x, mukumayang'ana kaye ngati `x - 1` mulibe mu seti?

Chimbalangondo: Mukumutaya nthawi mwanayu. Manambala sapitirira 100,000. Kusanja kwake ndi 100,000 kuchulukitsa ndi pafupifupi 17, sizifika ngakhale mamiliyoni awiri. Kompyuta imamaliza musanaphethire. Ndinatumiza yosanja ine, inadutsa.

Namzeze: Kudutsa imadutsadi achimwene, sindikukana. Koma funso lanena O(n), kusanja ndi O(n log n). Pa intavyu akangomufunsa kuti "popanda kusanja mungatani?" ayankha kuti chiyani? Komanso yanuyo mwaganizira obwerezabwereza? `[1, 2, 2, 3]` iyenera kupereka 3. Ambiri akafika pa 2 wachiwiriyo amayambiranso kuwerenga n'kupeza 2.

Chimbalangondo: Zimenezo ndi `if` imodzi yokha. Musandiphunzitse ntchito.

Tsabola Wakale: Bwanji osangopanga lisiti yaikulu ya `True` ndi `False`, nambala iliyonse malo ake? Ine ndinatero pofufuza malisiti osowa pa shopu ya bwana wanga wakale, amene mpaka pano sanandilipire miyezi iwiri.

Namzeze: Malisiti a shopu mwina anali masauzande ochepa. Pa funsoli nambala ikhoza kukhala paliponse kuyambira -1,000,000,000 mpaka 1,000,000,000. Ndi malo mabiliyoni awiri amenewo, osungiramo manambala 100,000 okha. Memore ithera panjira.

Membala wobisa dzina: Pepani, magetsi angoyaka kumene. Za `x - 1` ndinaika kale. Nayi:

```python
s = set(nums)
best = 0
for x in nums:
    if x - 1 not in s:
        y = x
        while y + 1 in s:
            y += 1
        best = max(best, y - x + 1)
return best
```

Kadziwotche: Lupu mkati mwa lupu! Imeneyo ndi O(n²) poyera. Aphunzitsi athu ankati ukangoona ziwiri zolowana, dziwa kuti zavuta.

Namzeze: Ayi, si nthawi zonse. Tiyeni tiyende nacho chitsanzo chake chija. 100: kodi 99 alipo? Palibe, ndiye 100 ndi mutu wa mndandanda. 101 palibe, kutalika 1. Tikafika pa 4, 3 alipo, ndiye 4 si mutu, timangomudumpha osalowa mu `while`. 200 ali ngati 100. Pa 1, 0 palibe, ndi mutu, tiyenda 2, 3, 4, pa 5 taima, kutalika 4. Kenako 3 ndi 2 onse odumpha. Mwaona? `while` imayenda mndandanda uliwonse kamodzi kokha, kuchokera kumutu, ndiye mukaphatikiza masitepe ake onse sapitirira kuchuluka kwa manambala. Mukachotsa `if` uja m'pamene mantha anuwo amakhala oona, chifukwa 1 ayenda mpaka 4, 2 ayendanso, 3 ayendanso.

Koma vuto la mnzathuyu ndaliona, lili pa mzere wachitatu. Mwalemba `for x in nums`. Seti mwapanga, koma mukuyendabe pa lisiti yoyamba ija, yomwe ikhoza kukhala ndi nambala imodzi kambirimbiri. Yesani ichi pa laputopu yanu:

```python
nums = [0] * 50000 + list(range(1, 50001))
```

Muli ma 0 okwana 50,000, ndipo aliyense ndi mutu chifukwa -1 mulibe. Aliyense ayenda ulendo wonse mpaka 50,000. Ndi masitepe 2,500,000,000 amenewo, batire yanu ija itha isanamalize. Sinthani mulembe `for x in s`. Mu seti 0 ndi mmodzi, ulendo ndi umodzi, ntchito yonse ndi kufufuza pafupifupi 100,000. N'chifukwa chake zitsanzo zing'onozing'ono zimadutsa: yankho limakhala lolondola, kungoti ntchito ikubwerezedwa.

Chimbalangondo: Mwaona? Mizere yonseyi chifukwa chokana kusanja. Ndipo O(n) yanuyo ndi yongoyerekeza. Kufufuza mu seti kumakhala kwachangu manambala akamwazikana bwino mkatimo. Akaunjikana malo amodzi zimachedwa. Komanso setiyo ikudya memore ina pamwamba pa lisiti. Mukasanja ndi `nums.sort()` simupanga kope yachiwiri yokhalitsa.

Namzeze: Apo mwalasa, ndipo akafunsidwa anene choncho: O(n) mwa nthawi zambiri, memore yowonjezera O(n). Koma funso likufuna njira imeneyi.

Chimbalangondo: Tiyeze ndi wotchi pa manambala 100,000 tione ipambane ndi iti. Ndikubetcha fanta.

Mayi a Mapasa: Mukamaliza kukangana mundiuze ngati pali amene akudziwa kokonzetsa mabatire a laputopu ku Lilongwe, osati aja amangoitsegula n'kuitsekanso.

Membala wobisa dzina: Yadutsa! Ndangosintha `nums` kukhala `s` pa mzere uja. Masiku atatu ndikuvutika ndi zilembo zitatu. Zikomo a Namzeze. Koma chitsanzo chanu cha ma 0 ndinachiyesa ndi kodi yakale, laputopu inatentha mpaka ndinachita kudina Ctrl+C. Funso lina: akandipatsa lisiti yopanda kanthu?

Namzeze: Yanuyo ibweza 0 chifukwa `best` mwayambira pa 0, zili bwino. Amene amayambira pa 1 ndi amene amagwa pamenepo.

Chimbalangondo: Za fanta zija palibe wayankha.