Vidiyo ya chiphunzitso yatuluka ndi vesi lolakwika komanso chaka cholakwika: tiifufute kapena tingokonza?

Wofunsa: Abale ndi alongo, thandizeni maganizo. Vidiyo ya chiphunzitso ya mpingo wathu ili pa YouTube ndi pa Facebook, ndipo ena aitumizirana kale pa WhatsApp. Pa 4:12 abusa anawerenga mawu aja akuti Mulungu ali ndi malingaliro a mtendere pa ife, koma anatchula Yesaya 29:11 m'malo mwa Yeremiya 29:11. Pa 17:40 mawu olembedwa pansi pa chithunzi akuti msonkhano wa ku Nikeya unachitika mu 352, pomwe ndi 325. Tiichotse yonse?

Wojambula: Musathamangire kufufuta, achimwene. YouTube salola kusintha fayilo n'kusiya linki yomweyo, ndiye mukaika ina, linki imene anthu anagawana ifa, ndemanga nazo zipita. Zolakwa zanu ziwirizi n'zosiyana. Chakacho abusa sanachitchule pakamwa, changolembedwa, choncho lowani mu YouTube Studio, tsegulani Editor, sankhani Blur, muphimbe manambalawo pa masekondi amene akuonekera. Kenako m'bokosi lofotokozera vidiyo lembani chonchi:

```
Corrections:
4:12 Vesili ndi Yeremiya 29:11, osati Yesaya 29:11
17:40 Msonkhano wa ku Nikeya unachitika mu 325, osati 352
```

Mzere woyambawo mulembe ndendende momwe ulilimo, musaumasulire, apo ayi kachizindikiro kodziwitsa woonera kuti pali zokonza sikatuluka pakona ya vidiyo. Mawu omwewo muwaikenso mu ndemanga n'kuipanga Pin kuti ikhale pamwamba.

Mayi wa kwaya: Koma mwatsimikiza kuti n'kulakwitsa? Mabaibulo amasiyana manambala. Salimo 23 m'Mabaibulo ena ndi Salimo 22.

Mphunzitsi wa Baibulo: Mayi, za Masalimo mwanena zoona, Mabaibulo otsata Chigiriki ndi Chilatini amatsalira ndi nambala imodzi m'masalimo ambiri. Koma kusiyanako sikusamutsa vesi kuchoka kwa mneneri wina kupita kwa mnzake. Munthu akatsegula Yesaya 29:11 apeza nkhani ya masomphenya amene ali ngati mawu a m'buku lomatidwa, zosagwirizana n'komwe ndi zimene abusa amaphunzitsa. N'chifukwa chake ine vesilo likundidetsa nkhawa kuposa chakacho. Wina alilemba m'kope, mawa akaliphunzitsa kwina.

Polemba chikonzerocho tchulani zonse ziwiri, cholakwika ndi cholondola. Mukangolemba kuti "vesi ndi Yeremiya 29:11", amene anakopera Yesaya sadziwa kuti akuyenera kufufuta chiyani. Ndipo musanalembe chilichonse, abusawo aone kaye. Mawuwo ndi awo, si bwino akaone kuti awakonza pagulu iwo osadziwa.

Wachinyamata: Ingodulani pamene patchulidwa Yesayapo ndi Trim, nkhani yatha, palibe adziwe.

Wojambula: Kudula n'kotheka ndipo linki imakhala yomweyo, koma pali zovuta ziwiri. Mukadula masekondi asanu pa 4:12, zonse zapatsogolo zisendera, 17:40 ija ikhala 17:35, ndiye nthawi za m'chikonzero muziwerengenso. Chachiwiri, amene anaonera kale sabwerera kukaona kuti mwadula. Cholakwikacho chili kale m'mitu mwawo. Ngati mudula, sungani fayilo yoyamba pa kompyuta, ndipo mulembebe kuti padulidwa ndi chifukwa chake.

Wofunsa: Nanga pa Facebook ndi pa WhatsApp?

Mlembi wa mpingo: Pa Facebook sinthani mawu a positi ndi Edit post. Chikonzerocho chikhale mzere woyambirira penipeni, chifukwa mawu ataliatali amabisika kuseri kwa See more ndipo ambiri satsegula. Ikaniponso tsiku limene mwakonza. WhatsApp ndiye povuta. Delete for everyone imagwira pa masiku awiri okha chitumizireni, komanso siikhudza makope amene anthu anatumiza kale kwina. Chimene mungachite n'kupita m'gulu lililonse limene munaikamo vidiyoyo, kuyankha pa uthenga womwewo ndi Reply kuti chikonzero chimamatire pa vidiyo yake, n'kupempha amene anaigawa kuti atumizenso uthengawo kumene anaitumiza. Kavidiyo ka masekondi 20 ka abusa akutchula vesi lolondola kamayenda kuposa mawu olemba.

Mphunzitsi wa Baibulo: Ine malire ndimaika apa: ngati cholakwikacho chikusintha chiphunzitso, monga kumuika Yesu mawu m'kamwa amene sali m'Malemba, vidiyoyo ichoke, ina ikwere, ndipo munene poyera chifukwa chake. Zanuzi sizinafike pamenepo.

Mlembi wa mpingo: Apo ndisiyana nanu pang'ono, aphunzitsi. Vidiyo ya chiphunzitso anthu amaikopera m'mafoni n'kumaonera popanda intaneti, chikonzero cha pansicho osachiona. Ikakhala kuti yangotha tsiku limodzi ndipo oonera akadali ochepa, ine ndingakonze pa fayilo n'kuikweza kachiwiri. Achimwene, yanuyo yatha masiku angati?